Mapiritsi olera apangozi ndi msambo wotsatira: mafunso ndi mayankho

Mayi amene wamwa mapiritsi olera apangozi amayamba kuwerenga masiku, chifukwa amafuna kuti msambo wotsatira umutsimikizire kuti sanatenge mimba. Vuto lake n'lakuti mapiritsi omwewo amatha kusuntha tsiku la msambowo, moti umabwera msanga kapena kuchedwa ngakhale zonse zitayenda bwino. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza chimene chimachititsa zimenezi, kusintha kumene kumayembekezereka, ndiponso nthawi imene munthu ayenera kusiya kudikira n'kukayezetsa.

Kodi n'zoona kuti mapiritsi amenewa amasintha tsiku la msambo?

Inde, n'zoona, ndipo kusinthako kuli m'gulu la zotsatira zodziwika bwino za mankhwalawa. Amayi ambiri amasamba mkati mwa masiku 7 kutsogolo kapena kumbuyo kwa tsiku limene amayembekezera, ndipo ena saona kusintha kulikonse. Kupatula tsiku, msambowo ungasinthe m'njira zina: magazi angachuluke kapena kuchepa poyerekeza ndi masiku onse, masiku osamba angawonjezeke, ndipo ena amadontheza timagazi msambo weniweni usanafike.

Mapiritsi apangozi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ali mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi mankhwala otchedwa levonojesitirelo okwana mamiligalamu 1.5, ndipo umagwira bwino ntchito ukamwedwa asanathe maola 72 chichitikireni kugonana kosadziteteza. Ena amapezeka ngati piritsi limodzi, ena ngati mapiritsi awiri a mamiligalamu 0.75. Mtundu wachiwiri uli ndi ulipirisitalo wokwana mamiligalamu 30, ndipo umamwedwa asanathe maola 120, amene ndi masiku 5. Ndi bwino kusunga katoni ya mapiritsi amene mwamwa kapena kulemba dzina lake, chifukwa mitundu iwiriyi siisuntha msambo mofanana.

Kodi piritsi limodzi lingasunthe bwanji msambo umene ukanabwera patatha masabata awiri kapena atatu?

Yankho lake lagona pa dzira. Mwezi wa msambo, womwe umawerengedwa kuchokera tsiku loyamba la msambo wina kufika tsiku loyamba la msambo wotsatira, uli ndi zigawo ziwiri. M'chigawo choyamba dzira limakhala likukhwima m'thumba la mazira, ndipo kutalika kwa chigawo chimenechi kumasinthasintha mosavuta. Dziralo likakhwima, thupi limatulutsa mwadzidzidzi homoni yambiri imene imachititsa kuti lituluke. Chigawo chachiwiri chimayamba dziralo likatuluka. Pamalo pamene latuluka pamayamba kupangidwa homoni yotchedwa projesiteroni, imene imasunga khungu la m'kati mwa chiberekero kuti likhale lokonzeka kulandira mimba. Ngati mimba sinachitike, projesiteroniyo imatsika patatha pafupifupi masiku 14, khungu lija limayoyoka, ndipo kumeneko ndiko kusamba.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti chigawo chachiwirichi sichisinthasintha kwambiri. Choncho tsiku la msambo limatsatira tsiku limene dzira latuluka: dzira likachedwa ndi masiku 4, msambo nawonso umachedwa ndi masiku pafupifupi 4.

Ntchito yaikulu ya mapiritsi apangozi ndi kuchedwetsa kapena kuletsa kutuluka kwa dzira. Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5, pamene dzira likatuluka limangokhala ndi moyo kwa maola 12 mpaka 24. Piritsi likachedwetsa dzira kwa masiku okwanira, umuna umene unalowa umafa lisanatuluke, ndipo dziralo likamadzatuluka silipeza chokumana nacho. Motero kuchedwa kwa msambo kawirikawiri sikutanthauza kuti mankhwala awononga china chake m'thupi, koma n'chotsatira cha njira yeniyeni imene amatetezera mimba. Mapiritsiwa sachotsa mimba imene yakhazikika kale, ndipo akamwedwa dzira litatuluka kale sakhala ndi choti achedwetse.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amasamba msanga m'malo mochedwa?

Izi zimachitika kwambiri kwa amene amwa levonojesitirelo kumayambiriro kwa mwezi wa msambo, dzira lisanatuluke. Mankhwalawa amagwira ntchito m'thupi mofanana ndi projesiteroni, ndipo mlingo umene uli m'piritsi lapangozi ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi umene uli m'mapiritsi olera akumwa tsiku ndi tsiku. Akalowa m'magazi, khungu la m'chiberekero limalandira mphamvu yonga ya projesiteroni nthawi yake isanakwane. Patatha masiku ochepa mankhwalawo amatha m'thupi, ndipo khungu lija limachita zimene limachita nthawi zonse projesiteroni ikatsika, ndiko kuyoyoka. Pa nthawi yomweyo dzira limene linali kukhwima likhoza kusokonezeka osatuluka n'komwe mwezi umenewo, moti mweziwo umafupika. Mwachidule tinganene kuti levonojesitirelo akamwedwa koyambirira kwambiri, mpata woti msambo ufulumire umakulanso.

Akamwedwa kumapeto kwa mwezi, dzira litatuluka kale, zinthu zimatembenuka. Mankhwalawo amawonjezera pa projesiteroni imene ilipo kale, choncho khungu la m'chiberekero lingachedwe pang'ono kuyoyoka. Msambo umabwera pa tsiku lake kapena kuchedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zina umatenga masiku ochulukirapo kuti uthe.

Ulipirisitalo amakonda kuchedwetsa kusiyana ndi kufulumizitsa. Iye amatha kuimitsa dzira ngakhale pamene homoni yolitulutsa yayamba kale kukwera, malinga ngati sinafike pachimake, pamene levonojesitirelo amalephera homoniyo ikangoyamba kukwera. Mwa amene amwa ulipirisitalo, msambo umachedwa ndi masiku awiri kapena atatu tikatengera onse pamodzi, koma pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amachedwa kupitirira masiku 7, ndipo ochepa amasamba msanga. Chiwerengero chimenechi si chaching'ono, ndipo chikusonyeza kuti kuchedwa kwa sabata yathunthu mutamwa mtundu umenewu si chinthu chachilendo, ngakhale kuti kuyezetsa kumafunikabe.

Kodi mungapereke chitsanzo cha mmene masiku angasinthire?

Tiyerekeze kuti mayi wina amasamba masiku 28 alionse mosaphonya, ndipo msambo wake wayamba pa 1 Malichi. Msambo wotsatira akuuyembekezera pa 29 Malichi, ndipo dzira lake likanatuluka cha pa 15 Malichi, masiku 14 msambowo usanafike. Pa 10 Malichi kondomu yaphulika, ndipo m'mawa wa pa 11 Malichi wamwa piritsi lapangozi. Chiopsezo chinalipo ndithu, chifukwa umuna umene unalowa pa 10 ukanatha kukhala wamoyo mpaka cha pa 15, tsiku limene dzira likanatuluka.

Ngati wamwa ulipirisitalo ndipo dzira lachedwa ndi masiku 5, lituluka cha pa 20 Malichi, umuna uja utafa kale. Tikawonjezera masiku 14, msambo ubwera cha pa 3 Epulo. Kwa iye wachedwa ndi masiku 5, ndipo masiku amenewo angakhale a nkhawa yaikulu, koma zimene zachitika n'zakuti piritsi lagwira ntchito yake bwino lomwe.

Ngati wamwa levonojesitirelo, zikhoza kuyenda chimodzimodzi, koma zikhozanso kuyenda mwina. Angaone magazi cha pa 16 kapena 18 Malichi, amene angakhale ochepa kapena ofanana ndi msambo. Magaziwo akakhala ochepa, msambo weniweni ungabwerebe kumapeto kwa mweziwo, mwina masiku angapo lisanafike tsiku la 29. Akakhala ochuluka ngati msambo, thupi lingayambirenso kuwerenga kuchokera pamenepo, moti pa 29 Malichi sangaone kanthu ndipo msambo wina ungadzabwere chapakati pa Epulo. Apa ndi pamene amayi ambiri amasokonezeka, chifukwa sadziwa ngati msambo wawo unafulumira ndi masiku 12 kapena ngati wachedwa.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mayi yemweyo, atamwa piritsi pa 11 Malichi, wagonananso mosadziteteza pa 18 Malichi, poganiza kuti mankhwala akumutetezabe kapena kuti masiku ake otenga mimba adutsa. Piritsi lija siliteteza kugonana kumene kwachitika pambuyo pake, ndipo choopsa n'chakuti lasunthira dzira ku 20 Malichi, patangotha masiku awiri chilowereni umuna watsopano. Mimba zina zimene anthu amati zabwera chifukwa choti piritsi lalephera zimachitika mwa njira imeneyi.

Tisinthenso kachiwiri. Ngati kugonana kunachitika pa 14 Malichi ndipo piritsi lamwedwa pa 16, ndiye kuti lamwedwa mkati mwa maola 72 monga mmene malangizo amanenera, komabe dzira lingakhale litatuluka kale pa 15. Zikatero piritsilo silingathandize kwenikweni, ndipo msambo ukachedwa pamakhala chifukwa chomveka chokayikira mimba. Njira yapangozi imene imagwirabe ntchito pa nthawi ngati imeneyi ndi lupu ya kopa, imene imaikidwa kuchipatala asanathe masiku 5 chichitikireni kugonanako, ndipo ndi yamphamvu kuposa mapiritsi onse awiri. Popeza palibe amene amadziwa motsimikiza tsiku limene dzira lake latuluka, munthu amene sangathe kupeza lupu ayenera kumwabe piritsilo.

Ndaona magazi patatha masiku ochepa nditamwa piritsi. Kodi umenewu ndi msambo?

Ungakhale msambo umene wafulumira, koma kawirikawiri ndi magazi amene amabwera chifukwa cha kutha kwa mankhwala m'thupi. Magazi oterewa amaoneka mkati mwa sabata yoyamba, amakhala ochepa, ofiirira kapena otuwirako, ndipo amatha pa tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Msambo weniweni umafanana ndi umene mumauzolowera pa kuchuluka kwa magazi, pa chiwerengero cha masiku, ndiponso pa zizindikiro zimene mumamva nthawi zonse, monga kupweteka kwa m'munsi mwa mimba.

Kusiyanitsa kumeneku kumathandiza, koma sikodalirika kotheratu. Palinso timagazi timene amayi ena amaona mimba ikangoyamba kumene, ndipo timabwera pafupi ndi nthawi imene msambo umayembekezereka, moti n'zosavuta kuganiza kuti ndi msambo wochepa chabe. Chifukwa cha zimenezi, magazi alionse amene ndi ochepa kapena a masiku ochepa kusiyana ndi msambo wanu wa nthawi zonse asawerengedwe ngati umboni wakuti mulibe mimba. Lembani tsiku limene ayamba ndi mmene akuonekera, kenako muyezetse nthawi yake ikakwana.

Kusaona magazi alionse m'masiku otsatira kumwa piritsi sikutanthauza kuti mankhwala sanagwire ntchito. Anthu ena amakhulupirira kuti piritsi liyenera kutulutsa magazi kuti lisonyeze mphamvu yake, koma ntchito yake imachitikira ku thumba la mazira, kumene maso saona.

Kodi ndidikire masiku angati ndisanayezetse mimba?

Pali manambala awiri oyenera kuwakumbukira, 7 ndi 21. Yezetsani ngati msambo wachedwa kupitirira masiku 7 kuchokera pa tsiku limene mumauyembekezera. Yezetsaninso ngati padutsa masiku 21 chichitikireni kugonana kosadziteteza ndipo simunaone msambo wofanana ndi wa nthawi zonse. Mwa manambala awiriwa, la 21 ndi lodalirika kwambiri, chifukwa limawerengedwa kuchokera pa tsiku limene mukulidziwa motsimikiza, pamene tsiku la msambo ndi limene piritsi lasuntha kale.

Chifukwa chodikirira masiku amenewa n'chakuti kachipangizo koyezera mimba mu mkodzo kamafufuza homoni imene imayamba kupangidwa pokhapokha dzira lokumana ndi umuna likakhazikika m'chiberekero. Umuna ungadikire dzira kwa masiku 5, kukhazikikako kungatenge masiku ena 6 mpaka 12, ndipo homoniyo imafunika masiku angapo kuti ichuluke mpaka kufika poonekera. Munthu akayeza patangotha sabata imodzi, kachipangizoko kangasonyeze kuti mimba palibe pamene ilipo. Mu chitsanzo chija, mayi amene kondomu inamuphulikira pa 10 Malichi angayeze pa 31 Malichi n'kupeza yankho lodalirika, ngakhale kuti msambo wake ukhala utangochedwa ndi masiku awiri okha. Koma ngati anagonananso mosadziteteza pa 18 Malichi, masiku 21 amayambira pamenepo, ndipo tsiku loyeza ndi 8 Epulo.

Mankhwala a m'mapiritsi apangozi sasokoneza zotsatira za kuyeza, chifukwa si homoni imene kachipangizoko kamafufuza. Mkodzo woyamba wa m'mawa ndi wabwino kwambiri poyeza, ndipo zotsatira ziwerengedwe pa mphindi zimene pepala la malangizo lanena. Ngati zasonyeza kuti mimba palibe koma msambo sunabwerebe, yezaninso patatha sabata imodzi, ndipo ukapitirira kusabwera pitani kuchipatala kuti akafufuze chifukwa chake.

Ndikumva mseru, mabere akupweteka ndipo msambo wachedwa. Kodi zimenezi sizizindikiro za mimba?

Zingakhale za mimba, zingakhale za piritsi, ndiponso zingakhale za msambo umene uli pafupi, pakuti zonse zitatu zimabweretsa mseru, kutopa, kupweteka kwa mabere ndi kutupikana kwa mimba. Chimene chingathandize pang'ono ndi nthawi imene zayambira. Zizindikiro zochokera ku piritsi zimayamba pa tsiku loyamba kapena lachiwiri ndipo zimatha m'masiku ochepa, pamene mseru wa mimba sungayambe patangotha masiku awiri chichitikireni kugonana, chifukwa pa nthawi imeneyo mimba imakhala isanakhazikike n'komwe. Zizindikiro zimene zayamba patatha masabata atatu kapena kuposerapo n'zimene ziyenera kukufulumizitsani kukayeza.

Nkhawa yeniyeniyo nayonso imatha kuchedwetsa kutuluka kwa dzira, monganso kudwala, kusagona mokwanira ndi kutsika thupi mwadzidzidzi. Choncho mwezi umene munthu wamwa piritsi lapangozi umakhala ndi zifukwa zingapo zosunthira msambo pa nthawi imodzi.

Kodi pali zinthu zimene zimachititsa kuti kuchedwa kwa msambo kukhale kokayikitsa kwambiri?

Zilipo, ndipo zonse ndi zimene zimachepetsa mphamvu ya piritsi. Choyamba ndi kusanza. Ngati munasanza asanathe maola awiri mutamwa levonojesitirelo, kapena maola atatu mutamwa ulipirisitalo, mankhwalawo angakhale kuti sanalowe mokwanira m'magazi, ndipo munayenera kumwa piritsi lina.

Chachiwiri ndi mankhwala ena amene amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni. M'gulu limeneli muli rifampisini wa chifuwa chachikulu, efavirenzi amene ali m'mankhwala ena otalikitsa moyo, komanso mankhwala a khunyu monga kabamazepini, fenitoini ndi fenobabitoni. Mphamvu yawo pa chiwindi imapitirira kwa masabata anayi munthu atasiya kuwamwa. Kwa amene akumwa mankhwala oterewa, lupu ya kopa ndiyo njira yabwino, ndipo ikakhala kuti siitheka azaumoyo amapereka levonojesitirelo wowirikiza kawiri, kutanthauza mamiligalamu 3, pamene ulipirisitalo salimbikitsidwa.

Kulemera kwa thupi kumakhudzanso nkhaniyi, chifukwa levonojesitirelo angachepe mphamvu mwa amayi olemera kupitirira makilogalamu pafupifupi 70. Chomaliza ndi nthawi: piritsi lomwedwa mochedwa, kapena lomwedwa pakati penipeni pa mwezi pamene dzira lingakhale litatuluka, limapereka chitetezo chochepa. Ngati chimodzi mwa zimenezi chikukukhudzani, yezani pa tsiku la 21 ngakhale mutaona magazi, kupatula ngati magaziwo ndi msambo wanu weniweni mosakayikitsa.

Ndamwa mapiritsiwa kawiri m'mwezi umodzi. Kodi ndiyembekezere chiyani?

Yembekezerani kuti msambo usokonezeka kwambiri kuposa mukanamwa kamodzi. Piritsi lililonse limakweza mahomoni n'kuwatsitsanso, choncho magazi angabwere, kusiya, n'kubweranso, mpaka kufika poti simungadziwe kuti msambo weniweni ndi uti. Zikatero kalendala ilibenso ntchito, ndipo chotsalira n'kuwerenga masiku 21 kuchokera pa kugonana komaliza kosadziteteza n'kuyeza.

Kumwa mobwereza sikuwononga chiberekero ndipo sikuchititsa munthu kukhala wosabereka, ngakhale kuti mphekesera imeneyi ndi yofala. Vuto lenileni n'lakuti mapiritsi apangozi amateteza mochepa poyerekeza ndi njira zolera zokhazikika, moti munthu amene amawadalira mwezi ndi mwezi amakhala ndi mpata waukulu wotenga mimba, kwinaku atataya chizindikiro chimene chikanamuchenjeza msanga. Ndi bwinonso kusasakaniza mitundu iwiriyi m'masiku oyandikana. Levonojesitirelo womwedwa asanathe masiku 5 chimwereni ulipirisitalo angafooketse ulipirisitaloyo, chifukwa onse amagwira pa malo amodzi m'thupi koma mosemphana.

Kodi ndidikire msambo kuti ndiyambe njira ina yolera?

Ayi, ndipo kudikirako n'kumene kumabweretsa mimba zina, chifukwa dzira limene lachedwetsedwa limatulukabe m'mwezi womwewo. Mukamwa levonojesitirelo mungayambe mapiritsi a tsiku ndi tsiku, jakisoni kapena kapulasitiki ka pamkono nthawi yomweyo, n'kugwiritsa ntchito kondomu kwa masiku 7 oyambirira. Mukamwa ulipirisitalo muyenera kudikira masiku 5 musanayambe njira iliyonse ya mahomoni, ndipo muzigwiritsa ntchito kondomu m'masiku odikirawo komanso m'masiku 7 otsatira mutayamba njirayo.

Dziwani kuti njira yatsopanoyo idzasinthanso msambo mwa iyo yokha. Amene wayamba mapiritsi a tsiku ndi tsiku a mahomoni awiri adzaona magazi akafika pa mapiritsi omaliza a pa pepalalo, osati pa tsiku lake lakale, pamene amene wabayitsa jakisoni kapena kuikitsa kapulasitiki angadontheze magazi mosatsata dongosolo kapena osaona magazi n'komwe. Magazi amene amabwera munthu ali pa njira zimenezi satsimikizira kuti mimba palibe, choncho amene wayamba njira yolera atangomwa piritsi lapangozi ayezetse pa tsiku la 21 zivute zitani.

Ine sindisamba mwadongosolo. Ndingadziwe bwanji kuti msambo wachedwa?

Simungadziwe poyang'ana kalendala, ndipo si inu nokha. Atsikana amene angoyamba kumene kusamba, amayi amene akuyamwitsa, amene achedwa kukabayitsa jakisoni wolera, ndiponso amene akuyandikira kusiya kusamba, onsewa alibe tsiku lodalirika loti awerengere. Kwa iwo nambala ya 7 ilibe tanthauzo, ndipo atsatire ya 21 yokha.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira tsiku loyeza?

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati mukumva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, ndipo msambo wachedwa kapena mukungodontheza timagazi takuda. Kupweteka kwa paphewa, chizungulire, kufooka kwadzidzidzi kapena kukomoka pamodzi ndi ululu woterewu n'zoopsa kwambiri. Zimenezi zingasonyeze mimba imene yakhazikika kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'kachubu kamene dzira limadutsamo, ndipo kachubuko kakaphulika munthu amataya magazi ambiri m'kati mwa thupi. Mapiritsi apangozi sachititsa mimba yotereyi, koma akalephera, mimba imene yachitika ingakhale ya mtundu umenewu monga mmene zingakhalire ndi mimba ina iliyonse. Choopsa chake n'chakuti mayi angaganize kuti ululu ndi timagazi zikuchokera ku piritsi n'kuchedwa kufuna thandizo. Ululu wochokera ku piritsi umakhala wa masiku oyambirira ndipo ndi wopiririka, pamene wa mimba yoteroyo umayamba patatha masabata angapo ndipo umakulirakulira.

Kutaya magazi ambiri n'chifukwa chinanso chopitira kuchipatala: ngati padi ikudzaza ola lililonse kwa maola awiri kapena kuposerapo motsatizana, ngati mukutuluka zibuma zikuluzikulu, kapena ngati magazi sakusiya patadutsa sabata yoposa imodzi. Kutentha thupi ndi chikazi chonunkha sizichokera ku piritsi, ndipo zingasonyeze matenda opatsirana pogonana, amene mapiritsiwa sateteza.

Kuyeza kukasonyeza kuti mimba ilipo, pitani kuchipatala kuti akatsimikize malo amene yakhazikika. Palibe umboni wosonyeza kuti levonojesitirelo amavulaza mwana amene ali m'mimba, ndipo zimene zapezeka pa ulipirisitalo mpaka pano sizisonyezanso vuto.

Kodi msambo udzabwerera liti m'malo mwake, ndipo ndiyambire pati kuwerenga?

Kwa amayi ambiri kusokonezekaku kumakhudza mwezi umodzi wokha, chifukwa mankhwalawo amatha m'thupi m'masiku ochepa, ndipo mwezi wotsatira umabwerera pa kutalika kwake kwa nthawi zonse. Chimene sichibwerera ndi deti lakale. Mayi wa mu chitsanzo chija akasamba pa 3 Epulo m'malo mwa 29 Malichi, msambo wake wotsatira auyembekezere patatha masiku 28 kuchokera pa 3 Epulo, kumene ndi pa 1 Meyi, osati pa 26 Epulo monga mmene kalendala yake yakale ikanasonyezera. Tsiku loyamba la msambo weniweni ndilo limayambitsa kuwerenga kwatsopano, ndipo timagazi todontheza sitiwerengedwa.

Amene amalera powerenga masiku asadalire njira imeneyi m'mwezi umene amwa piritsi lapangozi, ndipo ndi nzeru kugwiritsabe ntchito kondomu mpaka ataona kuti msambo wayambanso kubwera mwadongosolo. Chimodzimodzinso mapulogalamu a pafoni olosera masiku a msambo: amawerengera kuchokera pa miyezi yam'mbuyo ndipo sadziwa kuti dzira lasunthidwa, choncho masiku amene akusonyeza kuti ndi osaopsa m'mwezi umenewo angakhale olakwika. Ngati msambo ukusokonezekabe patatha miyezi iwiri kapena itatu, piritsi limodzi lija silingakhalenso chifukwa chake, ndipo azaumoyo ayenera kufufuza zina, monga mimba, vuto la chithokomiro, matenda a m'matumba a mazira kapena mankhwala ena amene mukumwa.